Mtengo umene mukuona si umene mudzalipire: kusiyana kwa oda ya Market ndi oda ya Limit

Munthu akatsekula pulogalamu yogulira masheya pafoni kapena pakompyuta, maso amayamba kugwera pa nambala yaikulu imene yalembedwa pafupi ndi dzina la kampani. Tinene kuti palembedwa K100. Ambiri amaganiza kuti umenewo ndiwo mtengo wa sheya imodzi, monga momwe mtengo wa sopo umalembedwera m'sitolo. Koma ayi. Nambala imeneyo ikungonena mtengo umene wogula ndi wogulitsa omaliza anagwirizana, kaya ndi mphindi yapitayo, kaya ndi dzulo. Sikulonjeza kuti pali wina amene akugulitsa pamtengo womwewo pakali pano. Amene wamvetsa zimenezi savutika kumvetsa chifukwa chimene pulogalamu imakufunsirani kuti musankhe pakati pa `Market` ndi `Limit` musanadine pogulira.

Tiyerekeze kuti mwatuma mphwanu kumsika kukagula matumba 30 a chimanga. Mukhoza kumuuza kuti, "Usabwere chimanjamanja, ugule onse 30 pamtengo umene ukaupeze." Mukhozanso kumuuza kuti, "Ugule, koma thumba lisapitirire mtengo wakutiwakuti." Mukamutuma mwa njira yoyamba, chimanga chibwera ndithu, koma ndalama zimene zithe simukuzidziwa. Mukamutuma mwa njira yachiwiri, ndalama zanu zatetezeka, koma akhoza kubwera ndi matumba 12 okha, kapena osabwera ndi kanthu. Njira yoyamba ija ndiyo oda ya `Market`, ndipo yachiwiriyi ndiyo oda ya `Limit`.

Kuti zimveke bwino, tiyenera kuona chimene chimachitika kuseri. Msika wa masheya umasunga mndandanda wa maoda onse amene akudikira. Mbali ina kuli ofuna kugula, aliyense ndi mtengo umene walolera kulipira, ndipo pafoni mbali imeneyi imalembedwa `Bid`. Mbali inayo kuli ofuna kugulitsa, aliyense ndi mtengo umene akufuna, ndipo imalembedwa `Ask` kapena `Offer`. Nachi chitsanzo chongoyerekeza cha kampani imene malonda ake omaliza anachitika pa K100:

```
Bid            Ask
800   K98      K101   500
1500  K95      K103   1000
3000  K90      K110   2000
```

Taonani kuti palibe aliyense amene akugulitsa pa K100. Wotchipitsa kwambiri akufuna K101, ndipo ali ndi masheya 500 okha.

Tsopano mayi wina, mphunzitsi amene wasunga ndalama zake kwa miyezi, akufuna masheya 3,000. Wawerengera kuti pa K100 alipira K300,000. Wasankha `Market`, wadina. Kompyuta ya msika siyembekeza kanthu. Imatenga masheya 500 a pa K101, zimene ndi K50,500. Akatha amenewo imakwera pamzere wotsatira n'kutenga 1,000 a pa K103, zimene ndi K103,000. Patsala 1,500, ndipo wogulitsa wotsatira akufuna K110, choncho imatenga pamenepo, K165,000. Zonse pamodzi zakwana K318,500, tisanaikepo komishoni ya buloka. Mayiyu walipira K18,500 pamwamba pa zimene amayembekeza, ndipo sheya iliyonse yamudyera ndalama zopitirira pang'ono K106. Palibe amene wamubera. Iye analamula kuti masheya onse apezeke nthawi yomweyo, ndipo msika wachita monga ananenera.

Kugulitsa nakonso kumayenda chimodzimodzi, kungoti mtengo umatsika m'malo mokwera. Wogulitsa masheya 2,000 ndi oda ya `Market` apereka 800 pa K98, otsala 1,200 apita pa K95. Alandira K192,400, osati K200,000 imene anali nayo m'mutu.

Nanga mayi uja akanasankha `Limit` n'kulemba K103? Oda imeneyi imauza msika kuti ugule pa K103 kapena potsikirapo, koma osapitirira. Masheya 500 oyamba aja akanawapezabe pa K101, chifukwa malire sakukakamizani kulipira mtengo umene mwalemba ngati pali wotchipitsa. Enanso 1,000 akanawapeza pa K103. Pamenepo oda ikanaima, chifukwa K110 yadutsa malire. Akanakhala ndi masheya 1,500 pa K153,500, ndipo pafoni pakanaoneka mawu onga `Partially filled`, kusonyeza kuti oda yatheka mbali imodzi. Masheya 1,500 otsalawo akanalowa m'mndandanda wa ogula, pamwamba pa onse, kudikira wina wolola kugulitsa pa K103. Mwina wotereyo abwera masana omwewo. Mwinanso sabwera, mtengo n'kukwera kufika K120 mayiyu akuonerera. Mtengo wa chitetezo cha `Limit` ndi umenewo, ndipo ndi bwino kuuvomera musanadine.

Pali dandaulo limene oyamba kumene amabwera nalo kawirikawiri. Amati, "Ndinaika oda yogula pa K98, mtengo unafikadi pa K98, koma sindinapeze kanthu." Chifukwa chake ndi mzere. Pamisika yambiri, maoda amatumikiridwa poyamba potengera mtengo, ndipo amene alemba mtengo wofanana amatumikiridwa potengera amene anafika msanga. M'chitsanzo chathu, pa K98 pali kale ogula masheya 800. Wogulitsa akabwera ndi masheya 600 okha, onse apita kwa amene munawapeza pamzere, ndipo nambala yaikulu ija isintha kukhala K98 inu musanalandire ngakhale imodzi. Dziwaninso kuti mukasintha mtengo wa oda yanu, nthawi zambiri mumataya malo n'kukayambira kumapeto kwa mzere wa mtengo watsopanowo.

Oda ya `Limit` imafunanso kuti munene nthawi imene ikhale ikudikira. Mukasankha `Day`, imafa yokha msika ukatsekedwa tsiku limenelo. Mukasankha `GTC`, imakhalabe mpaka mutaifafaniza nokha, kapena mpaka masiku amene buloka wanu amalola atatha. Pamenepa ndi pamene ndimachenjeza anthu kwambiri, chifukwa oda yoiwalika imaluma. Munaika yogula pa K95 mwezi watha, zinthu zili bwino. Lero kampani yalengeza kuti yaluza kwambiri, aliyense akuthamangira kugulitsa, ndipo oda yanu ija ikadali pamzere, yokonzeka kulandira masheya pa K95 pamene mtengo ukulowera ku K80. Malire amakutetezani kuti musalipire kuposa zimene munanena, koma sadziwa kuti maganizo anu akanasintha mukanamva nkhaniyo. Komanso pamapulogalamu ambiri, ndalama za oda yodikira zimatsekeredwa, simungagulire nazo china.

Kulakwitsa kwina kumachokera pofuna kudziteteza. Munthu ali ndi masheya, ogula akupereka K98, ndipo iye akufuna kuti agulitsidwe pokhapokha mtengo ukagwa kufika K90. Amasankha `Limit`, kulemba K90, kenako amadabwa kuona masheya apita nthawi yomweyo. Oda yogulitsa ya `Limit` imatanthauza kuti gulitsani pa K90 kapena pokwererapo, ndipo K98 ndi pokwererapo kale. Chimene iye amafuna ndi mtundu wina wa oda, umene umalembedwa `Stop`, ndipo umenewo ndi nkhani ina payokha.

Kodi ndiye kuti oda ya `Market` ndi yoipa? Ayi ndithu. Pamasheya a makampani akuluakulu amene amagulitsidwa ku New York kapena ku London, kumene ogula ndi ogulitsa ndi ochuluka mphindi iliyonse, kusiyana kwa `Bid` ndi `Ask` kumakhala kochepa zedi, ndipo pamzere woyamba pokha pamakhala masheya okwanira munthu wamba. Wogula masheya 20 kumeneko, msika uli bata, sataya chilichonse chooneka. Imathandizanso pamene chofunika kwa inu n'kutuluka lero, monga pamene mukufuna ndalama mwachangu, ndipo kusiyana kwa makwacha ochepa simukukuwerengera.

Koma ngakhale kumisika ikuluikuluko, mndandanda ukhoza kuuma mwadzidzidzi. Pa 6 Meyi 2010, misika ya ku Amereka inagwa koopsa m'mphindi zowerengeka, kenako n'kudzukanso. Ogula ambiri atachotsa maoda awo, maoda ogulitsa a `Market` anapitiriza kufunafuna wogula aliyense amene watsala. Masheya a kampani ya Accenture, amene tsiku limenelo anali pafupifupi madola 40, anagulitsidwa pa senti imodzi. Pambuyo pake akuluakulu a misika anafafaniza malonda amene anachitika pamitengo yotalikirana kwambiri ndi mtengo weniweni, koma si onse otaya ndalama amene anapulumuka. Oda yogulitsa yokhala ndi malire sikanatsika kufika kumeneko.

Kwathu kuno nkhaniyi ndi ya tsiku ndi tsiku, sichita kudikira tsoka. Msika wa masheya wa ku Blantyre, umene unalandira kampani yoyamba ya NICO mu 1996, uli ndi makampani osafika 20, ndipo ena mwa iwo masheya awo amatha masiku osasinthana manja. Pamsika wotere mizere imakhala yaifupi, mipata ya pakati pa mitengo imakhala yaikulu, ndipo nambala yaikulu ija ikhoza kukhala ya malonda a sabata yatha. Maganizo anga ndi akuti pamsika woonda chonchi munthu asagule kapena kugulitsa osatchula malire. Ngakhale amene sagwiritsa ntchito foni, koma amatuma buloka polemba fomu kapena kalata, ali ndi ufulu wonena kuti, "Mundigulire, koma musapitirire mtengo uwu." Imeneyo ndi oda ya `Limit` yomwe ija.

Chenjezo lomweli likukhudza oda ya `Market` yotumizidwa usiku msika utatsekedwa. Imagona mpaka m'mawa, n'kukatenga mtengo umene msika watsekulira, ndipo ngati usikuwo kwatuluka nkhani yaikulu, mtengowo ukhoza kukhala kutali ndi umene munauona pogona.

Musanadine, yang'anani `Bid` ndi `Ask`, osati nambala yaikulu ija, ndipo muone kuchuluka kwa masheya amene ali pamzere woyamba poyerekeza ndi amene inu mukufuna. Ngati mukufuna ochepa kuposa amene alipo, ndiponso mitengo iwiriyo yayandikana, maoda awiriwa akupatsani pafupifupi zofanana. Ngati mukufuna ambiri kuposa amene alipo, oda ya `Market` ikwera mizere monga inachitira kwa mayi uja. Amene akufunitsitsa kuti malonda atheke msanga, koma akuopa zimenezi, akhoza kuika `Limit` pamwamba pang'ono pa `Ask`, monga K104 m'chitsanzo chathu. Oda yotere imatenga nthawi yomweyo masheya onse amene ali pansi pa malirewo, a pa K101 ndi a pa K103, koma a pa K110 aja siiwakhudza.