Kakalata kotsogolera malonda a Tsiku la Anakubala

Mwezi wa Seputembala ukamatha, mafoni amadzaza ndi nkhope za anthu otchuka atanyamula zitenje. Tsiku la Anakubala, 15 Okotobala, limakhala layandikira, ndipo amalonda amadziwa kuti mwana wa m'tauni sapita kumudzi chimanjamanja. Koma kanema wooneka ngati wongochitika uja amayambira pa kakalata ka tsamba limodzi, kamene mwini sitolo amalembera wotchukayo.

Tiyerekeze mayi wogulitsa zitenje ku Limbe wagwirizana ndi mtsikana wanthabwala wa pa TikTok. Uthenga m'kakalatamo ukhale umodzi wokha: wogula zitenje ziwiri, chachitatu alipira theka la mtengo. Pansi pake alembe mtengo weniweni, pamene pali sitolo, ndi nambala ya Airtel Money kapena Mpamba. Mawu oti alankhule asamulembere, chifukwa anthu amamutsatira kaamba ka nthabwala zake, ndipo akayamba kuyankhula ngati akuwerenga chilengezo amangomudumpha. Zoyenera kumulembera ndi zimene asanene. Asati “zitenje zonse zatsika” pamene zatsika ndi zina zokha, poti wovutika n'kufotokozera makasitomala okwiya adzakhala mnyamata wa pa kauntala.

Gawo limene ambiri amalizemba ndi loulula kuti mtsikanayo walipidwa. Ena amaopa kuti zichotsa kukoma, koma wogula ali ndi ufulu wodziwa ngati woyamikira chitenje wadyapo kanthu, ngakhale kanthuko kakhale chitenje chaulere. Kuno kwathu madandaulo a malonda osocheretsa anthu amapita ku bungwe la CFTC. Choncho kakalatako kanene mosapita m'mbali: pa Instagram ndi pa TikTok ayatse chizindikiro cha “Paid partnership”, ndipo #ad ikhale koyambirira kwa mawu, osati kumunsi kumene munthu amafikako atadina “more”. M'kanemamo anenenso ndi pakamwa pake kuti awa ndi malonda, chifukwa kanema akayamba kuyenda pa WhatsApp mawu olembedwa pansi aja amatsalira.

Pa masiku m'pamene ndalama zimatayika. Anthu apantchito amalandira kumathero a mwezi, ndipo pofika pa 14 Okotobala m'thumba mumakhala mutapepuka. Kanema woyamba atuluke pa 26 Seputembala, ndiye kuti mwini sitolo amuone pofika pa 22 kuti pakhale mpata wokonza zolakwika. Wachiwiri atuluke pa 8 Okotobala kukumbutsa otumiza mphatso kumudzi, ndipo pa 13 pabwere zithunzi za “story”, zimene zimazimiririka pakatha maola 24.

Tsiku lotsekera lilembedwenso. Ngati mtengo wotsikawo ukutha madzulo a pa 15, kanema aliyense atchule zimenezo, apo ayi mu Novembala kudzabwera munthu ku Limbe foni ili m'manja, akufuna chitenje chake chachitatu.