Kukongoletsa Bwalo pa 6 Julaye: Yambani ndi Mbendera, Kenako Werengani Nsalu

Chaka chilichonse pa 6 Julaye timakumbukira tsiku limene Malawi analandira ufulu wodzilamulira mu 1964. Komiti yokongoletsa pasukulu imakonda kuyamba ntchito dzulo lake, ndipo zotsatira zake timaziona: mbendera yozondoka, nsalu zothera pakati pa chingwe, ndi mapepala onyowa atsikira pamitu ya alendo. Zonsezi zimapeweka ngati tiyamba ndi kuidziwa bwino mbendera.

Mbendera yathu ili ndi mizere itatu yopingasa. Wakuda uli pamwamba, wofiira pakati, wobiriwira pansi. Wakuda ukuimira anthu a mu Africa, wofiira magazi a amene anafera ufulu, ndipo wobiriwira ukuimira chonde cha dziko. Pamzere wakudawo pali dzuwa lofiira limene likutuluka kumene, lokhala ndi timizere ta kuwala 31.

Musanakweze mbendera imene mwaipeza mukabati ya sukulu, itambasuleni kaye. Mu 2010 boma linasintha mbendera: wofiira unapita pamwamba, wakuda pakati, ndipo pakatipo panaikidwa dzuwa loyera lathunthu. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo inabwezeretsa ya 1964 ija. Choncho mukaona dzuwa loyera, dziwani kuti imeneyo siigwiranso ntchito. Pomangirira kumlongoti, gwirani mbali yakuda ikhale kumwamba, ndipo wina ainyamule kuti isakhudze dothi.

Tinsalu tamakona atatu timene timalendewera pachingwe titsatirenso dongosolo lomweli: kakuda, kofiira, kobiriwira, n'kuyambiranso. Musaonjezere mtundu wina pofuna kukometsera. Kuno kwathu buluu, chikasu ndi olenji anthu amaziona ngati mitundu ya zipani, ndipo pa tsiku la mtundu wonse kansalu kamodzi kotere kakhoza kuyambitsa manong'onong'o. Nsalu iliyonse ya chipani, ngakhale mitundu yake itafanana ndi ya mbendera, isayalidwe patebulo la alendo.

Nanga nsalu tigule yochuluka bwanji? Tiyerekeze kuti tikukongoletsa kutsogolo kwa holo kumene ndi kotalika mamita 27. Chingwe sichiima chowongoka ngati waya, chimagwa pang'ono pakati, motero gawo lokhala ndi tinsalu likhale mamita 30. Onjezerani mita imodzi mbali iliyonse yomangira, chingwe chonse chikwane mamita 32.

Kansalu kalikonse kakhale masentimita 20 m'lifupi mwake kumwamba, ndi masentimita 30 kutsika mpaka kunsonga. Pakati pa tinsalu tiwiri siyani mpata wa masentimita 10. Ndiye kuti kalikonse kakudya masentimita 30 a chingwe, ndipo mamita 30 afuna tinsalu 100: takuda 34, tofiira 33 ndi tobiriwira 33.

Chinsinsi chosawononga ndalama chili podula. Ngati nsalu ndi ya masentimita 90 m'lifupi, iduleni m'litali mwake ikhale mizere itatu ya masentimita 30. Pamzere uliwonse jambulani ndi choko makona atatu mosinthanitsa, kena nsonga pansi, kotsatira nsonga m'mwamba, kuti pasatsale zidutswa pakati. Mukatero, mita imodzi ndi theka imatulutsa tinsalu 14 pamzere, kutanthauza 42 pamizere itatu. Choncho mita ndi theka ya mtundu uliwonse ikukwanira, ndipo totsalato tidzalowa m'malo mwa tong'ambika. Nsalu kusitolo zimasiyana kukula, ndiye yezani musanalipire. Pindani masentimita 3 akumwamba mokuta chingwe, telala asoke modutsa pachingwe pomwepo. Mukangopinda osasoka pachingwe, mphepo imakankhira tinsalu tonse kumbali imodzi.

Kumbukiraninso kuti Julaye ndi mwezi wa mphepo ya mwera, ndipo kumadera ngati Thyolo, Mulanje ndi Blantyre kumagwa mvula yowaza ya chiperoni. Mapepala ofewa okongoletsera aja akanyowa amasuluka, n'kuthimbirira khoma ndi malaya oyera. Amenewo akhale a m'kati mwa holo, panja pakhale nsalu. Nsalu yofiira nayo muiyese: viikani kachidutswa m'madzi ndi kukafinyira pansalu yoyera. Ikasiya banga, ichapeni payokha musanadule.

Chingwe cha mamita 30 chikamangidwa kumapeto kokha chimalemera n'kugwera pansi. Zikani nsungwi pa mamita 5 kapena 6 aliwonse, ndipo pamene chingwe chatsika kwambiri pakhale mamita awiri ndi theka kuchokera pansi, kuti wamtali adutse osawerama. Pamene padutsa galimoto kwezani koposa apo. Musamangirire kupolo ya magetsi, ndipo nsungwi yaiwisi isayandikire mawaya.

Mwambo ukatha, tsitsani mbendera dzuwa lisanalowe, muipinde bwino. Tinsalu tiume kaye, kenako kulungani chingwe pakathabwa kuti chisapiringizike, ndipo lembani pathabwapo kutalika kwake. Komiti ya chaka chamawa idzangofunika kugula nsungwi basi.