Phindu lakwera, koma kodi golosaleyo ikuyenda bwino?

Mafunso ena a phunziro la zamalonda, monga amene ana a Fomu 4 amakonzekera poyembekeza mayeso a MANEB, amabwera ndi tebulo la manambala. Ambiri amathamangira masamu asanawerenge tebulolo, ndipo yankho limatuluka looneka bwino koma losagwirizana ndi zomwe zalembedwa. Tiyeni titenge chitsanzo chongopeka cha golosale ya pamsika.

| Chaka | Zogulitsa (K'000) | Zolowa pa katundu ndi zina (K'000) | Phindu (K'000) |
|---|---|---|---|
| 2022 | 8,000 | 6,400 | 1,600 |
| 2023 | 12,500 | 10,500 | 2,000 |

Funso likuti: fotokozani mmene golosaleyi yachitira. Tinene kuti wophunzira walemba kuti phindu lakwera ndi K400, yomwe ndi 20 peresenti, choncho bizinesi ikuyenda bwino kwambiri. Yankho limeneli lili ndi zolakwika zitatu.

Choyamba nchosavuta. Pamwamba pa manambala palembedwa K'000, kutanthauza kuti nambala iliyonse ili m'masauzande. Phindu lakwera ndi K400,000, osati K400. Akanangodzifunsa kuti ndi golosale yanji yomwe imagulitsa katundu wa K8,000 chaka chathunthu, akanazindikira yekha.

Chachiwiri ndicho chimagwetsa ngakhale akuluakulu. Wophunzirayu wagawa 400 ndi 2,000, phindu la chaka chatsopano. Koma pofuna kudziwa kuti chinthu chakwera bwanji, timayeza kuchokera pomwe chinali, ndiye 400 iyenera kugawidwa ndi 1,600, ndipo yankho ndi 25 peresenti. Pali njira yachidule yodzigwirira wekha, yomwe ndi kubwerera m'mbuyo ndi yankho lakolo. Tenga 20 peresenti ya 1,600, upeza 320. Phatikiza, ufika pa 1,920. Tebulo likuti 2,000. Pamenepo wadziwa kuti penapake pasokonekera. Ukatenga 25 peresenti upeza 400, ndipo ufika pa 2,000 ndendende.

Nkhani ya poyambira kuyezayi tinaiona ndi maso athu mu Novembala 2023, pamene banki yaikulu ya dziko lino inasintha mtengo wa dola ya ku America kuchoka pa ndalama pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Kunamveka kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Nambala imeneyi imapezeka pogawa kusiyana kwa K520 ndi K1,180, ndiye ikunena mmene dola inakwerera mtengo. Mukafunsa kuti kwacha imodzi yataya mphamvu yochuluka bwanji pogula dola, mugawa 520 ndi 1,700, ndipo mupeza pafupifupi 31 peresenti. Onsewa ndi masamu olondola, koma akuyankha mafunso osiyana.

Tsono cholakwika chachitatu chagona pa mawu oti "ikuyenda bwino kwambiri". Wophunzirayu wayang'ana mzere wa phindu wokha, ina iwiriyo waisiya. Mu 2022 mwini golosale anagulitsa katundu wa K8 miliyoni nkutsala ndi K1.6 miliyoni, kutanthauza kuti pa K100 iliyonse yolowa m'kabati ankatsala ndi K20. Mu 2023 anagulitsa wa K12.5 miliyoni nkutsala ndi K2 miliyoni. Gawani 2,000 ndi 12,500 mupeza 16 peresenti: pa K100 iliyonse tsopano akutsala ndi K16 basi. Chachititsa chikuoneka m'tebulo momwemo. Zogulitsa zakwera ndi pafupifupi 56 peresenti, pomwe zolowa zakwera ndi pafupifupi 64 peresenti. Ndalama yoodera katundu ndi yolipirira zina ikuthamanga kuposa yomwe makasitomala akubweretsa.

Apa ndi pomwe tebulo lathera kuyankhula. Silinanene ngati wakwera ndi mtengo wa shuga kokaoda, lendi ya shopu kapena thiransipoti. Wophunzira akhoza kutchula zimenezi ngati zomwe mwina zachititsa, koma akazilemba ngati kuti wazipeza m'tebulo, wapeka.

Manambala omwewa akajambulidwa pa tchati cha mizati, yang'anani kaye nambala yomwe mzere wa m'mbali wayambira. Ukayambira pa 1,500 m'malo mwa ziro, mzati wa 2022 uonetsa 100 yokha, wa 2023 uonetsa 500, ndipo diso likuuzani kuti phindu lachuluka kasanu. Werengani nambala, osati kutalika kwa mzati.

Yankho loyenera malikisi onse likanati phindu lakwera ndi K400,000, yomwe ndi 25 peresenti, koma gawo la phindu pa zogulitsa latsika kuchoka pa 20 kufika pa 16 peresenti chifukwa zolowa zakwera kuposa zogulitsa. Inunso amene muli ndi kaokala kapena kashopu, tsegulani kope lanu la chaka chatha ndi la chaka chino, muone kuti pa K100 iliyonse mukutsala ndi zingati.