Tokeni yatsopano: ndani angagulitse, ndipo liti?

Pa 1 Novembala 2021 tokeni ina yotchedwa SQUID inafika pa madola opitirira 2,800 imodzi, chikhalirecho masiku ochepa m'mbuyomo inkagulidwa pa senti imodzi. Dzina anabwereka ku sewero la ku South Korea la Squid Game, ngakhale eni sewerolo sizinkawakhudza. M'mphindi zochepa mtengo unagwa mpaka kutsala wopanda pake, ndipo oyambitsa anazimiririka ndi ndalama zimene akuti zinaposa madola 3 miliyoni. Chowawa kwambiri n'chakuti ogula ankaona mtengo ukukwera koma osatha kugulitsa. Pulogalamu yoyendetsa tokeniyo, imene amaitcha kontilakiti, inalembedwa moti kugula kunali kololedwa kwa aliyense, kugulitsa ayi.

Choncho poyeza tokeni yatsopano, funso loyamba si la mtengo. Funso ndi lakuti ndani ali ndi mphamvu yogulitsa, angagulitse angati, ndipo kuyambira liti.

Tiyambe ndi kuchuluka kwake. Pa CoinMarketCap mupeza manambala awiri: `Circulating Supply`, kutanthauza matokeni amene ali kale m'manja mwa anthu, ndi `Max Supply`, onse amene adzakhalepo. Bitcoin siidzapitirira 21 miliyoni, ndipo ndondomeko yotulutsira ndalama zatsopano inadziwika kuyambira pachiyambi. Koma tinene kuti mwapeza tokeni imene pamsika pali 100 miliyoni zokha mwa 1 biliyoni, iliyonse pa dola imodzi. Ooneka pamsika ndi madola 100 miliyoni, pamene 900 miliyoni zina zikudikira kuseri. Zili ngati kugula chimanga pamtengo wa mu Febuluwale, m'minda chitatsala pang'ono kucha. Ogula akapanda kuchuluka pamene matokeniwo akumasulidwa, mtengo utsika basi.

Nanga zodikirazo n'zandani? Apa tikhalepo pang'ono, titenge chitsanzo cha UNI, tokeni ya Uniswap imene inatuluka mu Seputembala 2020. Anapanga 1 biliyoni n'kulengeza poyera kagawidwe kake. Anthu ogwiritsa ntchito Uniswap anawasungira 60 peresenti, ndipo mwa izi 150 miliyoni zinaperekedwa pomwepo, aliyense amene anaigwiritsapo ntchito n'kulandira 400. Ogwira ntchito anapatsidwa pafupifupi 21 peresenti, oikamo ndalama pafupifupi 18 peresenti, magawo onsewa oti azimasulidwa m'zaka zinayi. Tiwerengere limodzi. Gawo la ogwira ntchito ndi matokeni opitirira 210 miliyoni. Mukagawa pa miyezi 48, mwezi uliwonse pankayenera kumasuka oposa 4 miliyoni. Analengezanso kuti zaka zinayi zikatha, matokeni angamawonjezeke ndi 2 peresenti pachaka. Kaya kagawidweka kamukomera kaya ayi, wogula anali ndi manambala oti awerengere.

Komabe lonjezo lolembedwa papepala si loko. Eni tokeni akanena kuti gawo lawo ndi lomangidwa, afunseni adilesi ya kontilakiti yomangirayo, muione nokha pa Etherscan kapena BscScan. Pa tsamba la tokeniyo dinani `Holders`, muone zikwama zimene zasunga matokeni ambiri. Mukapeza chikwama wamba chimodzi, chosakhala cha msika kapena kontilakiti yomangira, chitasunga gawo lalikulu, dziwani kuti mwini wakeyo angagulitse usiku umodzi inu muli mtulo. Ochenjera amagawa chumacho m'zikwama zambiri, n'chifukwa chake ndi bwino kutsatanso kumene chikwama chilichonse chinalandira matokeni ake oyamba.

Tsopano za oditi, kufufuza kumene akatswiri amachita pa kontilakiti. Chizindikiro cha kampani yofufuza chopachikidwa pa tsamba la tokeni sichitsimikiza kanthu, chifukwa aliyense angathe kuchikopera. Lipotilo mulipeze kwa ofufuza eniakewo, ndipo muone ngati kontilakiti imene anaifufuza ndi yomweyo imene ikugwira ntchito lero. Onani zolakwika zimene anapeza, ndiponso ngati zinakonzedwa kapena eni ake anangoti tamva. M'kontilakitimo funani mawu akuti `mint` ndi `onlyOwner`. Akakhala pamodzi popanda malire, munthu mmodzi angadzipangire matokeni atsopano mmene angafunire.

Ngakhale oditi yeniyeni ili ndi polekezera. Mu Malichi 2023, Euler Finance inabedwa pafupifupi madola 197 miliyoni ngakhale inali itafufuzidwa kangapo. Mbala inalowera pa kachigawo kotchedwa `donateToReserves`, kamene kanawonjezeredwa pulogalamu itayamba kale kugwira ntchito. Ndalamazo zinadzabwezedwa pambuyo pokambirana, zimene sizichitika kawirikawiri. Mukatsegula lipoti la oditi, yambani mwaona tsiku limene linalembedwa, kenako mufunse zimene zasinthidwa m'kontilakitimo kuchokera tsiku limenelo.