Ndalama Zitatu Zimene Zimasowa M'bajeti ya Pulopozo

Bungwe laling'ono likamalemba pulopozo yopempha thandizo, bajeti yake imadzaza ndi zinthu zogwirika monga mbuzi, mbewu, simenti, njinga ndi maphunziro a alimi. Zimenezi n'zimene anthu a m'mudzi anapempha, ndipo n'zimene zimakopa wopereka thandizo. Koma pulojekiti ikamatha, wopereka thandizoyo amafunsa mafunso atatu. Kodi ntchito inayenda monga munalonjeza? Kodi yasintha chilichonse pa moyo wa anthu? Nanga ndalama zinapita kumene mukunena? Loyamba limayankhidwa ndi kalondolondo wa ntchito, lachiwiri ndi kauniuni wa zotsatira, lachitatu ndi odita. Mayankho onse atatu amadya ndalama, ndipo chimene sichinalembedwe m'bajeti yovomerezeka opereka thandizo ambiri sachilipira.

Olemba ena amakumbukira, koma amangoponya mzere umodzi kumapeto, n'kuikapo 5 peresenti. Chizolowezichi sichinangogwa kumwamba. Bungwe la Global Fund, mwachitsanzo, lakhala likulangiza kuti pakati pa 5 ndi 10 peresenti ya thandizo izipita ku kalondolondo ndi kauniuni. Vuto lake n'lakuti mulingo wotere umakwanira bwino mapulojekiti aakulu, pomwe aang'ono umawafinya. Pofuna zotsatira zodalirika pa mulingo umene akafukufuku amagwiritsa ntchito kawirikawiri, pulojekiti ya mabanja 600 iyenera kufunsa mabanja pafupifupi 235, pomwe ya mabanja 6,000 imafunsa pafupifupi 360. Pulojekiti yakula kakhumi, koma kafukufuku sanafike ngakhale kawiri. Wamng'ono ndiye amasenza mtolo wolemera poyerekeza ndi thumba lake.

N'chifukwa chake ndi bwino kuwerengera kuchokera pa zimene mwalonjeza. Tiyerekeze bungwe lina likupempha K200 miliyoni yogawira mbuzi mabanja 600 pa zaka ziwiri, mwa dongosolo loti mbuzi ikaswa, mwana apite kwa mnansi. Mitengo imene ndikuika pano ndi yongoyerekeza, aliyense afunse ya kwawo. Pulopozo ikulonjeza kuti ndalama zimene mabanja amapeza zidzakwera. Lonjezo limenelo silingatsimikizike popanda kudziwa zimene ankapeza mbuzi zisanabwere, choncho pakufunika kafukufuku woyambirira.

Ofunsa mafunso asanu ndi mmodzi, aliyense akamayendera mabanja asanu patsiku, atenga masiku 8 kuti amalize mabanja 240. Onjezani masiku awiri owaphunzitsa ndi tsiku limodzi loyesera mafunsowo m'mudzi wina, chifukwa funso lomveka bwino muofesi limatha kusokoneza mlimi. Akwana masiku 11, ndipo pa K40,000 munthu aliyense patsiku ndi K2,640,000. Galimoto, mafuta ndi dalaivala kwa masiku 9, pa K250,000 patsiku, ndi K2,250,000. Katswiri wokonza mafunso, kusanthula mayankho ndi kulemba lipoti, masiku 12 pa K250,000, ndi K3 miliyoni. Zonse pamodzi zayandikira K8 miliyoni, tisanatchule mafoni olemberamo mayankho, mayunitsi ndi kowatchajira kumudzi kopanda magetsi.

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Kafukufuku yemweyu ayenera kuchitikanso pulojekiti ikamatha, ndi mafunso omwewo, makamakanso nyengo yomweyo ya chaka. Mukafunsa anthu mu Febuluwale, nkhokwe zili zopanda kanthu, n'kudzawafunsanso mu Juni atangokolola, kusintha kumene mudzaone ndi kwa nyengo, osati kwa mbuzi zanu. Ndiye K8 miliyoni ija iwerengedwe kawiri, ndipo yachiwiriyo ikwezedwe ndithu. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anaika mtengo wa chaka choyamba pa ntchito ya chaka chomaliza anakhala manja ali m'khosi.

Kalondolondo ndi ntchito ya pakatikati. Miyezi itatu iliyonse wina apite kukawerenga mbuzi zimene zili moyo, zimene zaswa ndi zimene zaperekedwa kwa anansi. Maulendo 8 pa K600,000 ndi K4,800,000. Kawirikawiri paulendo wotere pamakhala alangizi a ziweto ndi a ofesi ya DC, ndipo ameneŵa amafuna mayendedwe ndi chakudya. Munthu wosunga kaundula wa mbuzizo nayenso amalandira malipiro. Ngati ntchitoyi ikumudyera masiku asanu pamwezi, gawo limenelo la malipiro ake lioneke m'bajeti. Tikaphatikiza, kalondolondo ndi kauniuni zadutsa K20 miliyoni, kawiri kuposa 5 peresenti ija.

Nkhani ya odita ili ndi msampha wakewake, chifukwa kufufuza kwa mabuku a ndalama kuli mitundu iwiri. Koyamba ndi kwa bungwe lonse, chaka ndi chaka. Lamulo la mabungwe omwe si aboma ku Malawi, lomwe linasinthidwa mu 2022, limafuna kuti bungwe lolembetsedwa lizipereka ku NGORA malipoti a pachaka, kuphatikizapo a zachuma ofufuzidwa ndi odita. Kwachiwiri ndi kwa pulojekiti imodzi, kumene wopereka thandizo amaitanitsa motsata malamulo ake. Lipoti loyamba silimaloŵa m'malo mwa lachiŵiri pokhapokha mwini ndalama atavomera. Wolemba pulopozo afunse msanga kuti akufuna mtundu uti, kangati, ndipo alipira ndani. Kenako atenge makotesheni kwa maodita ovomerezeka, omwe angatsimikizidwe kudzera ku ICAM, n'kufunsa ngati mtengowo uli kale ndi msonkho wa VAT komanso mayendedwe a oditayo kupita kumidzi. M'chitsanzo chathu, K3 miliyoni pachaka ikupanga K6 miliyoni.

Ena amati zimenezi zidzachokera pa ndalama yoyendetsera ofesi. Ine ndimaona kuti kumeneko ndi kudzinamiza. Pa thandizo la mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, EU, ndalama yotereyi kawirikawiri sipitirira 7 peresenti ya ndalama zogwirira ntchito, ndipo lendi, magetsi ndi mlonda zimakhala zikuidikira kale. EU yomweyo imalola kuti odita ndi kauniuni womaliza zilipiridwe ngakhale nthawi ya pulojekiti itatha, bola zikhale kuti zinalembedwa m'bajeti. Ena salola ngakhale tambala imodzi kutuluka tsiku lotsekera litadutsa. Kwa oterewa, kafukufuku womaliza aikidwe m'miyezi itatu yomaliza, akauntanti asanachoke. Oditayo akafika n'kupeza kuti wodziŵa mafayilo anapita kalekale, malisiti a pamakina atafufutika chifukwa panalibe ndalama ya fotokope, ndalama iliyonse yopanda umboni amailemba kuti njosavomerezeka, ndipo bungwe limauzidwa kuti libweze.

Kuzindikira bajeti yoperewera sikovuta. Ikani tsamba la malonjezo pambali pa tsamba la bajeti, ndipo pa lonjezo lililonse funsani kuti adzayeza ndani, liti, adzakwera chiyani, ndipo ndalama yake ili pa mzere uti. K27 miliyoni ikaoneka yochuluka pa K200 miliyoni, pali kodula. Mayankho a kafukufuku angasonkhanitsidwe ndi ophunzira a kukoleji m'malo mwa kampani, maulendo a kalondolondo angaphatikizidwe ndi a katemera wa mbuzi, ndipo lonjezo lokwera mtengo poyeza, monga la ndalama za pabanja, lingasinthidwe ndi losavuta kuwerenga, monga kuchuluka kwa mabanja amene ali ndi mbuzi zitatu kapena kuposerapo pakutha pa chaka chachiwiri.