Jumatatu si Lachitatu: mawu okuluwika kwa amalonda odutsa malire

Wamalonda amene amakaoda katundu ku Tanzania kapena ku Mozambique amasamala kwambiri za mtengo wosinthira ndalama ndi msonkho wa pachipata. Koma mpamba wina umathera pa mawu amene amamveka ngati odziwika, chonsecho akutanthauza zina. Ovuta kwambiri ndi maina a masiku, maola ndi manambala.

Tiyerekeze mayi wa geni ya zitenje ku Mzuzu walandira uthenga pafoni kuchokera kwa womuodetsa wa ku Mbeya kuti katundu afika pachipata cha Kasumulu, tsidya lina la mtsinje wa Songwe, “Jumatano saa nne asubuhi”. Mayiyu akumva “tano” ngati “sanu”, ndipo “nne” akudziwa kuti ndi 4, choncho akukonzeka kukafika Lachisanu. Pamenepo wachedwa ndi masiku awiri, chifukwa Jumatano ndi Lachitatu.

Gwero la chisokonezochi ndi tsiku loyambira kuwerenga. Pa Chichewa timayambira Lolemba. Chiswahili chimayambira Loweruka, lomwe ndi Jumamosi, tsiku lotsatira Ijumaa, la mapemphero a Asilamu. Motero Jumapili ndi Lamulungu, Jumatatu ndi Lolemba, Jumanne ndi Lachiwiri. Njira yachidule ndi kuchotsa 2 pa nambala imene ili m’dzinalo. Alhamisi, amene ndi Lachinayi, ndi Ijumaa satsatira lamuloli chifukwa mainawa anachokera ku Chiarabu.

Nawo maola ali ndi msampha wake. Aswahili amayamba kuwerenga dzuwa likatuluka, kotero “saa moja” ndi 7 koloko, ndipo “saa nne asubuhi” ndi 10 koloko mmawa. Pa maola a 1 mpaka 6 pamafunika kuwonjezera 6. Opitirira pamenepo pamafunika kuchotsa 6. Chinanso, wotchi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi. Ndiye kuti mayi uja amafunika kukhala pachipata Lachitatu, 9 koloko mmawa pa wotchi ya kuno. Akaphonya, ndalama yosungitsira katundu ndi ya malo ogona ituluka m’phindu lomwelo.

Odutsa pa Zobue, Calomue kapena Milange amakumana ndi kawerengedwe kachitatu. Chipwitikizi chimayambira Lamulungu, “domingo”. Lolemba ndi “segunda-feira”, ndipo wodziwa Chingerezi amaona “second” m’mawuwo n’kuganiza za Lachiwiri. “Sexta-feira” imafanana ndi “six”, koma ndi Lachisanu, osati Loweruka. Apa pamachotsedwa 1. Tsiku limodzi lomwelo limene Mmalawi amalitcha Lachitatu, ku Tete ndi lachinayi, “quarta-feira”, pomwe ku Mbeya ndi lachisanu. Pazikwangwani masikuwa amafupikitsidwa, moti 2ª ndi Lolemba ndipo 6ª ndi Lachisanu. Ubwino wake, wotchi ya ku Mozambique ndi ya kuno ndi imodzi.

Pa ndalama napo mpofunika khutu. “Mil” pa Chipwitikizi ndi 1,000, osati miliyoni monga amafupikitsira ena pa Chingerezi. Miliyoni ndi “milhão”. Pa Chiswahili pali “mia”, yomveka pafupi ndi “mil”, koma ndi 100 chabe. Choncho “dois mil” ndi 2,000 meticais, pomwe “mia mbili” ndi 200 shilingi. Chikwi pa Chiswahili ndi “elfu”, ndipo “laki” ndi 100,000.

Mawu oti “pesa” ndiwo angasokoneze wozolowera misika ya ku Tanzania, kumene amatanthauza ndalama. Wogula nyemba wa ku Mozambique akaloza thumba n’kufunsa “quanto pesa?” sakufunsa mtengo, akufunsa kulemera kwake. Funso la mtengo ndi “quanto custa?” Wogulitsa akayankha “50” akuganiza za mtengo, winayo amva makilogalamu 50, ndipo mkangano ubuka pa sikelo.

Lisiti ya ku Mozambique imafunanso diso. Kumeneko kadontho kamalekanitsa zikwi, ndipo mpatuliro ndi umene umayambitsa masenti. Polembedwa 1.500,00 MT pakutanthauza 1,500 meticais. Mawu oti “taxa” nthawi zambiri ndi chindapusa cha ntchito inayake kapena mlingo, monga “taxa de câmbio”, mtengo wosinthira ndalama; msonkho weniweni ndi “imposto”. Wofuna nsalu asalondole chikwangwani cha “fábrica” poganiza za “fabric”, chifukwa imeneyo ndi fakitale. Nsalu ndi “tecido”, ndipo chitenje amachitcha “capulana”.

Chizindikiro choti pasokonekera n’chakuti mtengo ukumveka wotsika kapena wokwera modabwitsa, kapena tsiku lapanganolo likugwera pomwe sitolo imakhala yotseka. Zikatero, wamalonda apemphe kuti deti lilembedwe m’manambala, pakuti maiko atatu onsewa amayamba ndi tsiku, kenako mwezi. Ola alembe monga likuonekera pafoni, atchulenso kuti ndi wotchi ya dziko liti. Mtengo aulembe pa kakyuleta, onse awiri auone, ndalama zisanatuluke m’thumba.