Imelo yolandira wantchito watsopano

Imelo yolandira wantchito watsopano ndi kalata imene ofesi yoyang'anira antchito imatumiza kwa munthu amene wavomera kale ntchito koma sanayambe. Si kontirakiti. Za malipiro, tchuthi ndi nthawi yoyesedwa zili ndi chikalata chakechake, chimene lamulo la ntchito la 2000 ku Malawi limafuna kuti wolemba ntchito apereke. Imeloyi imayankha timafunso timene mlendo amachita manyazi kufunsa: afike kuti, nthawi yanji, afunse ndani pageti, atenge chiyani.

Ngati munthuyo akuyamba Lolemba, imelo imufike Lachiwiri kapena Lachitatu la sabata yam'mbuyoyo. Yotumizidwa Lachisanu madzulo imamupeza mabanki ndi maofesi aboma akutseka, ndipo pepala limene likusowa sangalipezenso. Popeza ambiri amawerengera pafoni, tsiku ndi ola loyambira zilembedwe pamutu pa imelo penipeni, ndipo zofunika zisabisike m'mafayilo olemera amene amadya bandulo.

Taganizirani za kampani ya ku Area 47 mu Lilongwe imene yalemba kalaliki wa zandalama. Kungolemba kuti "ofesi yathu ili ku Area 47" n'kumusocheretsa, chifukwa derali lili ndi masekita angapo, ndipo bokosi la positi silifikitsa munthu pakhomo. Imelo yabwino imatchula sekita, siteji yotsikira minibasi, chizindikiro chooneka monga filing'i siteshoni kapena tchalitchi, ngakhale mtundu wa geti. Kenaka ola: 8:00 m'mawa, afikire polandirira alendo. Mlonda nayenso auzidwiretu dzina la mlendoyo, apo ayi tsiku loyamba limayambira kunja kwa mpanda.

Mndandanda wa zotenga ndiwo umafuna chidwi kwambiri, chifukwa malipiro oyamba amadalira pamenepo. Pakhale chiphaso cha unzika chochokera ku NRB pamodzi ndi fotokope yake, satifiketi ya MSCE ndi mapepala ena a sukulu, zithunzi ziwiri zazing'ono za pachiphaso cha pantchito, komanso nambala ya msonkho ya TPIN ngati kampani ikuifuna pokonza za PAYE. Imelo inene momveka ngati akufuna mapepala enieni kapena mafotokope; kawirikawiri amaona enieniwo n'kusunga mafotokope. Za kubanki zikhale zonse: dzina la banki, nthambi, nambala ya akaunti ndi dzina monga lilili ku bankiko. Mayi amene chiphaso chake chili ndi dzina la bambo ake, pamene akaunti ili m'dzina la amuna ake, malipiro ake akhoza kubwezedwa. Ngati kampaniyo imatseka mndandanda wa malipiro pa 15, imelo itchule tsikulo, kuti woyamba ntchito pa 10 adziwe kuti kuzengereza kwa masiku ochepa kungamudikiritse mwezi wina.

Palinso penshoni. Lamulo limati wantchito azidulidwa 5 peresenti ya malipiro ake, wolemba ntchito n'kuikapo 10 peresenti, ndipo pamakhala fomu yotchulirapo anthu odzalandira ndalamazo iye akamwalira. Fomuyi imafuna maina onse, masiku obadwa ndi gawo la aliyense. Zoterezi sizisankhidwa bwino ataimirira pakauntala, choncho imelo imuuziretu kuti akaganize ali kunyumba. Amene anali kale pa penshoni kwina abweretse nambala yake yakale.

Za sabata yoyamba zisachuluke. Lolemba ndi la mafomu, kuzungulira maofesi ndi kulandira kompyuta. Lachiwiri amakhala pansi ndi bwana wake kumva ntchito yeniyeni. Masiku otsatira amagwira pambali pa mnzake wodziwa kale. Lachisanu amaunikira limodzi zimene zavuta. Ndandanda yogawa ola lililonse imasokonekera Lolemba lomwelo. Chiganizo chimodzi chokhudza kavalidwe ndi nkhomaliro, kaya pali kantini kapena aliyense amadzitengera, chimamuchotsera nkhawa kuposa ndime yaitali yotamanda kampani.

Anthu owafunsa akhale atatu okha, aliyense ndi udindo wake ndi nambala ya foni: wa zaantchito pa nkhani ya mapepala, bwana wake pa nkhani ya ntchito, ndi wa makompyuta. Nambala imodzi ikhale yoyankhidwa m'mawa wa Lolemba, minibasi ikachedwa.

Pali zimene imelo yotere siyenera kukhala nazo. Pasiwedi ya kompyuta imaperekedwa pamaso, munthu atafika. Kampani yeniyeni sipempha PIN ya kubanki, ndiponso siuza wolembedwa ntchito kuti atumize ndalama za yunifolomu kapena za "kulembetsa" pa Airtel Money kapena Mpamba. Akuba amatengera maonekedwe a makalata amenewa, choncho imelo ichokere pa adiresi ya kampani, isainidwe ndi munthu amene wolandirayo anakumana naye pa intavyu, ndipo kumapeto imupemphe kuyankha kuti waiona. Pakapita masiku awiri osayankha, ofesi imuimbire foni, chifukwa imelo yochokera ku adiresi yachilendo nthawi zina imagwera mu Spam.